Kalata ya Timayeso: Zimene Sukulu Ikuuza Makolo Teremu Ino

Sabata yoyamba ya teremu, ana ambiri a pulayimale amafika pakhomo ndi kapepala kopindidwa m'kati mwa kope. Makolo anazolowera kuti kapepala kotere kamanena za msonkhano, za ndalama ya chitukuko kapena za tsiku lotuta mchenga. Koma pali kalata ya mtundu wina imene siyenera kuthera pa moto wa mbaula. Ndi kalata yodziwitsa makolo kuti mwana azilemba timayeso tating'ono sabata ndi sabata, ndipo malikisi a timayesoto aziwerengedwa pa lipoti la kumapeto kwa teremu. Kholo limene silinaimvetse kalatayi likhoza kudzadabwa pa tsiku lotsekera, mwana amene wakhoza bwino mayeso aakulu atabwera ndi malikisi otsika.

Kuyesa ana pafupipafupi si chinthu chimene mphunzitsi wamkulu wangochilota usiku. Mu 2002 bungwe la MIE, lomwe limakonza maphunziro ku Domasi m'boma la Zomba, linayesa njirayi m'sukulu zingapo za ku Ntcheu ndi ana a Sitandade 3, pa Masamu, Chichewa ndi Chingerezi. Kenaka, pamene maphunziro a pulayimale anakonzedwanso kuyambira mu 2007, boma linati mphunzitsi aziona mmene mwana akuchitira teremu yonse, osadikira mayeso a kumapeto okha. Pa pepala lamuloli ndi lakale ndithu. Chimene chimasiyana sukulu ndi sukulu ndi kachitidwe kake: tsiku liti, mafunso angati, malikisi angati, nanga wodwala atani. Izi ndi zimene kalata yopita kwa makolo imayenera kuyankha.

Kuti nkhani imveke, tiyeni titenge chitsanzo chimodzi n'kuchitsata mpaka kumapeto. Tiyerekeze sukulu ya boma, kalasi ya Sitandade 5, teremu yachiwiri imene imayamba mu Januwale, ndipo tinene kuti teremuyo ili ndi masabata 13. Manambala a m'chitsanzochi si lamulo la dziko lonse. Sukulu ina ikhoza kukonza mwina, n'chifukwa chake kholo lililonse liyenera kuwerenga kalata ya sukulu ya mwana wake.

Ndondomeko ya masiku

Kalata ya sukulu yathu yachitsanzoyi ikuti sabata yoyamba kulibe timayeso, poti ana amakhala akubwerera kumene, ena alibe ndi makope omwe. Timayeso tiyamba sabata yachiwiri n'kutha sabata ya 11. Sabata ya 12 ndi ya mayeso aakulu, ya 13 ndi yochonga, kulemba malipoti ndi kutsekera.

Maphunziro agawidwa pawiri. M'sabata ya 2, 4, 6, 8 ndi 10 ana alemba Masamu Lachiwiri, Chichewa Lachitatu, Sayansi ndi Ulimi Lachinayi. M'sabata ya 3, 5, 7, 9 ndi 11 alemba Chingerezi Lachiwiri, phunziro la za chikhalidwe ndi chipembedzo Lachitatu, la luso ndi moyo Lachinayi. Motero phunziro lililonse lili ndi timayeso tisanu pa teremu, ndipo kamayeso kalikonse kakufunsa zimene aphunzira m'masabata awiri apitawo basi. Mafunso ndi khumi, mphindi ndi 20, ndipo amalemba m'mawa akangochoka pa asembule. Mphunzitsi amalemba mafunso pa bolodi, ana n'kuyankha m'kope limodzi lopatulidwira ntchitoyi.

Palibe chimene chaikidwa mwangozi pamenepa. Lolemba lasiyidwa kuti mphunzitsi akumbutse ana zimene anasiyira sabata yatha. Lachisanu lasiyidwa chifukwa ndi tsiku lobweza makope ndi kukonza zolakwa, komanso m'madera monga Mangochi ndi Machinga ndi tsiku la mapemphero kwa mabanja ambiri. Sukulu imene ili pafupi ndi msika wa pa sabata imachitanso bwino kuzemba tsiku la msikawo, pakuti aphunzitsi amadziwa okha mmene mabenchi amakhalira opanda anthu tsiku limenelo. Nthawi ya m'mawa nayo ili ndi chifukwa chake: mu Januwale ndi Febuluwale, miyezi imene nkhokwe zambiri zimakhala zitauma, mwana amene wachoka kunyumba osadya amakhala atafooka kale dzuwa likamafika pamutu.

Mafunso khumi akhoza kuoneka ochepa kwa kholo limene linakulira mayeso a masamba atatu. Koma tawerengani ntchito ya mphunzitsi. Chiyambire 1994, pamene sukulu za pulayimale zinakhala zaulere ndipo chiwerengero cha ana chinalumpha kuchoka pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni, makalasi odzaza akhala chizolowezi. M'kalasi ya ana 120, mafunso khumi ndiye kuti mayankho 1,200. Mphunzitsi akamatha mphindi imodzi pa kope lililonse, atha maola awiri osadzuka pampando. Timayeso titatu pa sabata ndi maola asanu ndi limodzi akuchonga kokhakokha, osawerengera kukonzekera maphunziro a mawa. Sukulu imene ingalonjeze makolo timayeso ta mafunso 30 pa phunziro lililonse sabata iliyonse ikulonjeza zimene sizingatheke. Pofika sabata yachinayi makope adzakhala ataunjikana pawindo osachongedwa, ndipo kamayeso kosachongedwa n'kungotaya choko.

Mmene malikisi aziwerengedwera

Apa ndi pamene pagona mtima wa kalata yonse, ndipo ndi pamene makolo ambiri amadumpha poona manambala. Koma masamu ake ndi apafupi.

Malikisi a pa lipoti ndi 100 pa phunziro lililonse. Mwa amenewa, kalata ikuti 40 achokera ku timayeso, 60 achokera ku mayeso aakulu. Pa timayeso tisanu tija, sukulu itaya kamodzi kamene mwana wapeza zochepa kwambiri, n'kuphatikiza tinayi totsalato. Popeza kalikonse ndi ka malikisi khumi, tinayi tikupanga 40 ndendende. Malikisi a mayeso aakulu, omwe amachongedwa pa 100, achulukitsidwa ndi 60 n'kugawidwa ndi 100.

Tione ana awiri a m'kalasi imodzi pa phunziro la Masamu. Woyamba ndi mtsikana amene Masamu amamuvutirapo, koma sajomba chisawawa. Pa kamayeso koyamba wapeza 5, kachiwiri 6, kachitatu sanalembe chifukwa anagona ndi malungo, kachinayi 7, kachisanu 8. Sukulu itaya ziro wa tsiku la malungo uja. Zotsala ndi 5, 6, 7 ndi 8, zomwe zikupanga 26 pa 40. Pa mayeso aakulu wapeza 55 pa 100, ndipo 55 kuchulukitsa ndi 60 kugawa ndi 100 ndi 33. Kuphatikiza 26 ndi 33, lipoti lake lilembedwa 59.

Wachiwiri ndi mnyamata wamutu, amene Masamu amangowamva kamodzi. Pa timayeso tiwiri toyamba wapeza 8 ndi 9. Kenaka wayamba kusowa: tsiku lina anapita kukapalira kudimba, lina anamutuma kuchigayo, lina anakachita ganyu. Timayeso titatu wapeza ziro. Sukulu itaya ziro mmodzi yekha, awiri enawo akhala. Ndiye 8 ndi 9 ndi maziro awiri ndi 17 pa 40. Pa mayeso aakulu wapeza 70, zomwe zikusanduka 42 pa 60. Kuphatikiza 17 ndi 42, naye lipoti lake lilembedwa 59.

Ana awiri, malikisi ofanana, nkhani zosiyana kotheratu. Pa kachitidwe kakale mnyamatayo akanabwera ndi 70, mtsikanayo ndi 55, ndipo palibe akanadziwa kuti wina anajomba masiku ofunika pamene mnzake ankakwera pang'onopang'ono kuchoka pa 5 kufika pa 8. Malipoti ambiri a m'sukulu za boma amaika ana m'magulu anayi: gulu 4 ndi la malikisi 80 mpaka 100, gulu 3 ndi la 60 mpaka 79, gulu 2 ndi la 40 mpaka 59, ndipo gulu 1 ndi la amene sanafike 40, ofunika thandizo lapadera. Mnyamata uja wagwera m'gulu 2 osati chifukwa chosadziwa Masamu. Akanangolemba timayeso tiwiri mwa titatu tija n'kupeza 8 pa kalikonse, akanakhala ndi 33 pa 40, ndipo lipoti lake likanakhala 75. Malikisi 16 anatsalira kudimba ndi kuchigayo.

Ichi n'chinthu chimene kalata iyenera kunena mosabisa mawu, ngakhale chiwawe: kutuma mwana pa tsiku la kamayeso tsopano kuli ndi mtengo wake wowerengeka. Palibe amene akunyoza kholo losauka limene ganyu wa mwana ndiye ufa wa tsikulo. Koma kholo likadziwa masiku, likhoza kusuntha ulendo wa kuchigayo n'kuuika masana kapena Loweruka. Kamayeso ndi ka mphindi 20 zokha m'mawa.

Nanga wodwaladi? Lamulo lotaya kamayeso kamodzi linaikidwa dala chifukwa teremu yachiwiri ndi ya dzinja, nyengo ya malungo ndi ya mitsinje yodzaza imene ana sangawoloke. Mwana akajomba kachiwiri pa chifukwa chomveka, monga matenda kapena maliro, kalata ikuti kholo lidziwitse mphunzitsi wa kalasi m'sabata yomweyo, pobwera lokha, polemba kakalata, kapena potumiza buku la kuchipatala. Mwanayo alemba mafunso ena ofanana nawo Lachisanu. Chovuta chimabwera kholo likakhala chete mpaka tsiku lotsekera, n'kumadzanena za matenda a mu Febuluwale malikisi atalowa kale m'kaundula. Palinso atsikana a m'makalasi apamwamba amene amajomba masiku ena a mwezi ndipo sangathe kufotokozera mphunzitsi wamwamuna. Sukulu yanzeru imalemba m'kalata kuti nkhani zotere zikhoza kudzera kwa mphunzitsi wamkazi kapena kwa amayi a gulu losamalira atsikana pasukulupo, popanda kufunsa mwana mafunso ochititsa manyazi.

Kalata yabwino imanenanso chochita sukulu yonse ikatsekedwa. Izi si zongoganizira. Mu Januwale 2023 sukulu za m'mizinda ya Blantyre ndi Lilongwe zinachedwa kutsegulira chifukwa cha kolera, ndipo mu Malichi chaka chomwecho namondwe wa Freddy anatseketsa sukulu m'maboma ambiri a kummwera. Zikatero, timayeso tophonyedwa sitiyenera kuunjikidwa m'sabata imodzi. Njira yachilungamo n'kuwerengera tokhato timene tinalembedwa. Ngati tinalembedwa titatu, malikisi pa 30 achulukitsidwe ndi 40 n'kugawidwa ndi 30, kuti mwana amene anapeza 21 pa 30 alembedwe 28 pa 40.

Chimene kope limaulula

Malikisi ndiwo amakopa maso, koma phindu lenileni la timayeso lili m'kati mwa kope. Mayi aliyense amene anapitako kusikelo ndi mwana amadziwa kuti kulemera kwa mwezi umodzi sikunena zambiri. Chimene anamwino amayang'ana ndi mzere wa pa khadi, ngati ukukwera, waima kapena ukutsika, kuti achitepo kanthu mwana asanafooke. Timayeso tisanu timajambula mzere womwewo.

Tibwerere kwa mtsikana uja pa kamayeso koyamba, kamene anapeza 5. Limodzi mwa mafunso amene analakwa linali la kuchotsera: 402 kuchotsa 178. Yankho lolondola ndi 224. Iye analemba 376. Munthu wothamanga angoti mwana sadziwa kuchotsera, n'kumukalipira. Koma mphunzitsi wodekha amafunsa kuti 376 wachokera kuti. Mwanayo pa mzere uliwonse wachotsa nambala yaing'ono pa yaikulu, posasamala kuti ili pamwamba ndi iti: 8 kuchotsa 2 wapeza 6, 7 kuchotsa 0 wapeza 7, 4 kuchotsa 1 wapeza 3. Sanalote yankho. Watsata lamulo lake, ndipo walitsata mokhulupirika. Chimene sanamvetse ndi chimodzi chokha, kubwereka, makamaka pamene pakati pali ziro. Mphunzitsi akayang'ana mafunso ena anayi amene analakwa, mwina apeza kuti atatu agwa pa vuto lomweli.

Kusiyana kwake n'kwakukulu. Mwana amene mayankho ake olakwa alibe dongosolo lililonse akhoza kukhala kuti sakuona bwino pa bolodi, sanamve funso chifukwa cha Chingerezi chimene amayamba kuphunziriramo m'makalasi apamwamba, kapena njala yamugwira. Mwana amene amalakwa mofanana nthawi zonse ali ndi mfundo imodzi yokhota, ndipo ikhoza kuwongoledwa m'masiku ochepa ndi timitengo tomanga m'mitolo ya khumikhumi kapena zitsekerero za mabotolo. Vuto lotere likadziwika m'sabata yachiwiri, masabata khumi atsala. Likadziwika pa mayeso aakulu, mwanayo wapita nalo kale ku masamu ogawa aatali, kumene kuchotsera kumabwera pa sitepe iliyonse.

N'chifukwa chake kalata yachitsanzoyi yapatula Lachisanu. Makope amabwezedwa, mphunzitsi amalemba pa bolodi mafunso amene ana ambiri analakwa n'kuwaphunzitsanso mwanjira ina, ndipo mwana aliyense amalembanso pansi pa kamayesoko mayankho okonzedwa. Ngati oposa theka la kalasi alakwa funso limodzi, vuto silili mwa ana. Phunzirolo silinamveke ndipo liyenera kubwerezedwa. Ana amene apeza 3 kapena kuchepera pamenepo kawiri motsatizana amatsalira kwa mphindi zochepa akaweruka, ndipo makolo awo amaitanidwa kusukulu osati kudzaweruzidwa, koma kudzamva pamene pakuvuta. Kalata imene ikunena masiku a timayeso ndi malikisi koma osatchula tsiku lokonza zolakwa yasiya chinthu chachikulu, ndipo makolo ali ndi ufulu wofunsa.

Palinso phindu lina limene ofufuza anatsimikiza. Kale mu 1885, Hermann Ebbinghaus wa ku Germany anaonetsa kuti zimene munthu waphunzira zimathawa mofulumira kwambiri m'maola ndi m'masiku oyambirira. Mu 2006, Henry Roediger ndi Jeffrey Karpicke a ku America anapatsa ophunzira nkhani yoti awerenge. Ena anaiwerenganso, ena anauzidwa kulemba zimene akukumbukira osayang'ana. Atayesedwa patangopita mphindi zisanu, owerenga kawiri aja anapambana. Atayesedwa patatha sabata, amene anadzikakamiza kukumbukira ndiwo anali patsogolo. Ndiye kuti kamayeso sikangoyeza chabe zimene zili m'mutu, kamathandizanso kuti zikhazikike. Mwana amene amangoyang'ana notsi usiku wonse mawa lake kuli mayeso amadzimva ngati wadziwa, koma ndi kudziwa kwa mphindi zisanu kuja.

Pamene zimasokonekera

Ndondomeko yabwino pa pepala ikhoza kuwonongeka m'njira zingapo, ndipo kholo likhoza kuzindikira lili kunyumba.

Chizindikiro choyamba ndi kope lopanda cholembera chofiira. Ngati sabata yachisanu yafika ndipo m'kope muli kamayeso kamodzi kokha kochongedwa, ndondomeko yagwa. Choopsa n'chakuti kumapeto kwa teremu danga la malikisi 40 liyenera kudzazidwabe, ndipo pamenepo pamabwera chiyeso chongolemba manambala a m'mutu. Kope la mwana ndilo umboni. Malikisi a pa lipoti ayenera kugwirizana ndi amene ali m'kopemo, ndipo kholo lililonse likhoza kuphatikiza manambala anayi.

China ndi kuonera. Ana 120 okhala mothithikana, ena pansi, amaona kope la mnzawo ngakhale asakufuna. Zotsatira zake zimaoneka: mwana ali ndi 9 ndi 10 pa timayeso tonse, koma pa mayeso aakulu, pamene ana atalikitsidwa, wapeza 30. Aphunzitsi ena amathana nazo pogawa bolodi pakati, n'kulemba mafunso a mzere woyamba kumanzere ndi a mzere wachiwiri kumanja, manambala osiyana koma kulimba kofanana. Ena amatulutsa theka la kalasi kukalembera pansi pa mtengo, ngati mvula yalola. Kholo likaona kusiyana kwakukulu kotero pakati pa timayeso ndi mayeso aakulu lisathamangire kukwiya. Lipatse mwana funso limodzi la m'kope lomwelo kuti alichite pamaso pake.

Pofuna kuchepetsa ntchito, aphunzitsi ambiri amauza ana kusinthana makope n'kuchongerana. Njirayi ndi yabwino pa ntchito ya tsiku ndi tsiku. Koma pa timayeso towerengedwa pa lipoti, ubwenzi ndi mantha zimalowapo: wamng'ono sangaike mtanda pa kope la mnyamata wamkulu amene amayenda naye njira imodzi. Ngati sukulu ikugwiritsa ntchito njirayi, mphunzitsi ayenera kutolera makopewo n'kuonanso, ndipo kalata inene zimenezi.

Nkhani ya ndalama nayo imafunika kuithetsa m'kalata momwemo. Makolo ambiri anamvapo za ndalama yosindikizira mayeso a kumapeto kwa teremu, ndiye akamva za timayeso 30 pa teremu mtima umadumpha. Timayeso tolembedwa pa bolodi sitifuna kusindikiza. Chofunika ndi kope limodzi ndi cholembera. Wina akayamba kutolera ndalama ya kamayeso kalikonse, kapena kunena kuti okhawo olipira maphunziro apadera a masana ndiwo auzidwe mitu ya mafunso, nkhaniyo ipite ku komiti ya sukulu kapena ku komiti ya makolo ndi aphunzitsi, ndipo ikakanika kumeneko, kwa mlangizi wa maphunziro wa zoni.

Koma chimene chimapha ndondomekoyi mwakachetechete chimachokera kunyumba. Funso limene mwana wa ku Malawi amalandira akafika ndi lipoti ndi lodziwika: wakhala nambala chani? Funsoli likasamukira pa timayeso, mwana aziweruzidwa katatu pa sabata. Akakwapulidwa chifukwa cha 4 pa 10, sabata yotsatira kope lisowa, kapena tsamba lithothoka, kapena aphunzira kuonera. Timayeso sitinakonzedwe kuti tisanje ana kuyambira woyamba mpaka womaliza, ndipo sukulu yachitsanzoyi yalemba m'kalata kuti siziwerenga malikisi a ana pa asembule. Mwana amene wachoka pa 3 kufika pa 5 wachita ntchito yaikulu kuposa amene wakhala pa 8 teremu yonse osasuntha.

Makolo a ana a Sitandade 8 ali ndi funso lawo: kodi malikisi amenewa athandiza kusankhidwira ku sekondale? Kalata iyenera kuyankha mosazungulira. Mayeso a Sitandade 8 amakonzedwa ndi kuchongedwa ndi bungwe la MANEB la ku Zomba, ndipo timayeso ta pasukulu ndi ta lipoti la pasukulu pomwepo. Thandizo lake n'lakuti mwana amafika pa mayeso a boma mabowo ake atadziwika kale ndi kutsekedwa.

Kalata ikafika pakhomo

Kalata yolembedwa bwino imakwana tsamba limodzi, m'chilankhulo chimene makolo a m'deralo amayankhula, kaya ndi Chichewa, Chiyao kapena Chitumbuka. Imayamba ndi ulemu woyenera, kuti "Okondedwa makolo ndi onse olera ana", pakuti ana ambiri akuleredwa ndi agogo, azakhali kapena amalume. Imaika masiku enieni a pa kalendala, osati kungoti sabata yachinayi, poti kumudzi palibe amene amawerenga masabata a teremu. Imapereka chitsanzo chimodzi cha kawerengedwe ka malikisi. Pansi pake pamakhala kachigawo kong'amba koti kholo lisayine kapena kudinda chala, n'kubweza kusukulu. Ndipo popeza kalata yopatsira mwana nthawi zina imathera m'thumba la yunifolomu n'kuchapidwa, sukulu zambiri zimabwereza uthenga womwewo pa msonkhano wa makolo, kudzera kwa anyakwawa, ngakhale m'zolengeza za kutchalitchi ndi kumzikiti.

Agogo osadziwa kuwerenga asadzione ngati alibe gawo. Akhoza kumuuza mdzukulu kuti atseke kope n'kufotokoza pakamwa zimene waphunzira sabata imeneyo, komwe ndi kudzikakamiza kukumbukira kuja. Akhoza kuwerenga zichongi ndi mitanda ndi maso. Akhoza kuona ngati pansi pa kamayeso pali mayankho okonzedwa kapena ndi poyera.

Inu makolo amene mwalandira kalata yotere, lembani masikuwo pa kalendala kapena pakhoma, ndipo pa masiku amenewo mwana adzuke, adye kangachepe kamene kalipo, apite. Lachisanu lililonse pemphani kope la timayeso, mufunse mwana kuti akuonetseni funso limene analakwa ndi mmene walikonzera. Mukaona masabata awiri adutsa kope lisanachongedwe, kapena malikisi atsika kawiri motsatizana, pitani mukaonane ndi aphunzitsi a kalasi sabata yomweyo, musadikire tsiku lotsekera.